Kumasulira lipoti la kusukulu lojambulidwa pa foni: zoyenera kumuuza kholo

Sukulu zikatsekera teremu, malipoti a ana ambiri masiku ano amayenda pa foni. Mayi ali kumudzi amapempha mnansi kuti ajambule pepalalo ndi kulitumiza pa WhatsApp kwa mwana wawo wamkulu kapena kwa malume amene ali m'tauni, amenenso nthawi zambiri ndiye amalipira fizi. Wolandirayo ndiye amasanduka womasulira, ndipo zimene anene ndi zomwe zichititse kuti mwana ayamikiridwe, akalipiridwe, kapena apezeredwe thandizo. Cholakwika chofala n'chakuti maso amathamangira pa nambala imene mwana wakhala m'kalasi, pamene nkhani yeniyeni ili pa magiredi a phunziro lililonse.

Chithunzicho chikhale chathunthu

Asanayambe kumasulira, munthu atsimikize kuti ngodya zonse zinayi za pepala zikuoneka. Pamwamba pamakhala dzina la mwana, kalasi, teremu ndi chaka, ndipo izi zimathandiza kupewa kufotokoza lipoti la teremu yapita. M'munsi kapena kuseri ndi komwe sukulu zambiri zimaika kalozera wa magiredi, ndemanga za aphunzitsi ndi chidindo. Kalozerayu ndi wofunika chifukwa malikisi amene sukulu ina imawapatsa giredi 6, sukulu ina ikhoza kuwapatsa 7. Pa chithunzi chosaoneka bwino, 1 wolembedwa pamanja amafanana ndi 7, ndipo 3 amafanana ndi 8. Pamenepo si pongoganizira. Ndi bwino kupempha chithunzi china chojambulidwa poyera, pepala litayalidwa pathebulo.

Nambala yaying'ono ndiyo yabwino

Sukulu zambiri za sekondale zimapereka magiredi a Fomu 3 ndi Fomu 4 motsatira mayeso a MSCE amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB. Magirediwa amayambira 1 kulekeza 9. Giredi 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, kukhoza koposa. 3 mpaka 6 ndi kirediti. 7 ndi 8 ndi pasi chabe. 9 ndi kulephera. Kholo limene linazolowera malikisi a kupulayimale, kumene nambala yaikulu ndiyo yosangalatsa, likhoza kukondwa ndi 8 n'kudandaula ndi 2. Choncho mawu oyamba a womasulira akhale akuti pano wopeza 1 ndiye katswiri.

Chitsanzo cha lipoti limodzi

Tiyerekeze kuti lipoti ndi la mtsikana wa Fomu 3, teremu yachiwiri. Wapeza 2 pa Chichewa, 3 pa Ulimi, 3 pa Jogalafe, 4 pa Bayoloje, 5 pa Baibulo ndi 6 pa Kemisitiri. Pa Chingerezi wapeza 7, pa Masamu 8, pa Fizikisi 9. Wakhala nambala 9 mwa ana 85, ndipo lipoti likusonyeza mapointi 24, amene apezeka pophatikiza giredi ya Chingerezi ndi magiredi asanu abwino koposa: 7, 2, 3, 3, 4 ndi 5.

Poyang'ana nambala 9, aliyense anganene kuti zonse zili bwino. Mphamvu za mwanayu zilipodi: ali ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo Ulimi, Jogalafe ndi Bayoloje, maphunziro amene amalankhulana pa nkhani za nthaka, zomera ndi nyengo, akuwakhoza pamodzi. Akanakhala kuti awa ndi mayeso a MSCE, akanalandira satifiketi, pakuti wakhoza maphunziro oposa asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Koma khomo la sukulu za ukachenjede za boma likanatsekeka, chifukwa kumeneko amafuna makirediti asanu ndi limodzi ndipo imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Motero 7 wa Chingerezi, amene sakuoneka woopsa ngati 9 wa Fizikisi, ndiye chilonda chachikulu pa lipotili.

Kusiyanitsa vuto la mwana ndi vuto la kalasi

Giredi yofooka imamveka bwino ikayerekezedwa ndi zinthu ziwiri: lipoti la teremu yapita, ndi malikisi apakati a kalasi yonse ngati sukulu imawalemba. Pa chitsanzochi, tinene kuti Chingerezi chatsika kuchoka pa 5 kufika pa 7, mwana wapeza malikisi 47 pamene apakati a kalasi ndi 55. Anzake akuyenda, iye akubwerera m'mbuyo. Chilipo chimene chasintha kwa iyeyo, kaya kujomba, kusowa buku kapena kudwala. Pa Masamu wapeza 41 pamene apakati ndi 38, ndipo teremu yatha anapezanso 8. Apa kalasi yonse ikuvutika, ndipo kukalipira mwana yekha sikungathandize. Pa Fizikisi, mayeso a pakati pa teremu anapeza 52 koma omaliza 29, zimene zikusonyeza kuti mitu yophunzitsidwa kumapeto ndiyo sanaimve.

Lipoti lili ndi malire ake. Silinena chifukwa chimene mwana watsikira, ndipo mayeso a pasukulu sakhala ofanana kulimba ndi a MANEB. Nambala 9 pa sukulu ina ikhoza kukhala nambala 40 pa ina.

Kakambidwe kake

Pofotokozera kholo, ndi bwino kuyamba ndi zimene mwana wakhoza, kenako kutchula vuto limodzi lalikulu m'malo moyala zonse pamodzi. Womasulira anganene kuti: "Amayi, mwana wanu wachita bwino pa maphunziro asanu ndi limodzi, makamaka Chichewa, Ulimi ndi Jogalafe. Chomwe chikufunika maso ndi Chingerezi, chifukwa chatsika, ndipo popanda kirediti ya phunziroli sangasankhidwe kupita kuyunivesite ya boma. Nthawi ilipo, pakuti mayeso ndi a chaka chamawa." Ndemanga za aphunzitsi azimasulire monga zalembedwera, osawonjezera mkwiyo wake.

Mafunso opita nawo kusukulu

Kholo limene lafika kwa mphunzitsi ndi funso lakuti "Mwana wanga akuchita bwanji?" limabwerako ndi yankho lakuti alimbikire. Mafunso olunjika ndiwo amabala zipatso, ndipo womasulira awalembe mu uthenga kuti asaiwalike.

Kwa mphunzitsi wa Chingerezi: mwanayu akutaya malikisi pati, pa galamala, pa chimangirizo, pa kumvetsa nkhani, kapena pa mabuku amene amafunsidwa pa mayeso? Kodi mabukuwo ali nawo, kapena amadalira kubwereka? Kodi n'kotheka kuona pepala limene analemba?

Kwa aphunzitsi a Masamu ndi Fizikisi: ndi mitu iti imene yagwetsa ana ambiri, ndipo idzabwerezedwa liti? Kodi ana amachita zoyeserera m'labotale kapena amangokopera manotsi?

Kwa mphunzitsi woyang'anira kalasi: mwanayu wajomba masiku angati teremu ino, ndipo kodi pali masiku amene anabwezedwa chifukwa cha fizi? Amakhala pati m'kalasi, ndipo amaona bwino pa bolodi?

Funso lomaliza ndi lakuti pakhomo achitepo chiyani, ndipo adzakumanenso liti. Kugwirizana kuti aonanenso mayeso a pakati pa teremu yachitatu akatuluka kumapereka mpata wokonza zinthu mwana asanalowe Fomu 4.

Chithunzicho chisungidwe pamodzi ndi cha teremu yapita kuti chidzayerekezedwe ndi chotsatira, koma chisamwazidwe m'magulu a pa foni. Pali dzina la mwana, sukulu yake ndi zofooka zake, zimene ndi nkhani ya iye mwini, makolo ake ndi aphunzitsi.