Chikwangwani chikuti Limbe, koma idzera kuti?

Sabata yanga yoyamba mu Blantyre ndinachedwa ku mayeso a ntchito ndi mphindi 40, chonsecho ndinakwera minibasi yolembedwa malo olondola. Ndinkapita ku Chichiri. Mnzanga anali atandilembera pa foni kuti, "Ukafika kumsika wa Blantyre ukwere ya Limbe, utsikire pa Chichiri." Ndinaona kachikwangwani ka Limbe pagalasi lakutsogolo, ndinalowa, n'kukhala kumpando wakumbuyo, mahedifoni m'khutu.

Minibasiyo ku Limbe inafikadi. Kungoti pa Chichiri sinadutsepo.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti pakati pa Blantyre ndi Limbe pali njira zingapo. Ina ndi ya msewu waukulu wa Masauko Chipembere, imene aliyense amangoti Hayiwe. Ina imazungulira ku Kamba, Zingwangwa ndi Kudya. Inanso imadzera ku Ndirande. Zonsezi zimathera ku Limbe, ndiye pa chikwangwani pakhoza kungolembedwa mawu amodzi omwewo. Chikwangwani chimanena komwe ulendo ukathere basi, za njira sichilonjeza kanthu.

Komanso musachikhulupirire kwambiri. Nthawi zambiri chimakhala kathabwa kapena kakatoni kolembedwa mbali zonse ziwiri, kuno Limbe uko Blantyre, ndipo minibasi ikafika kumapeto wina amayenera kukatembenuza. Akaiwala, kamanena komwe galimoto yachokera. Madalaivala ena amasunga zikwangwani zingapo, n'kumasintha malinga ndi komwe kuli anthu nthawi imeneyo. Choncho ngati minibasi yaloza ku Limbe koma chikwangwani chikuti Blantyre, musadabwe, funsani.

Njira yeniyeni ili m'kamwa mwa kondakitala. Vuto lake, iye saitanira alendo, amaitanira anthu odziwa kale, ndiye mawu amawameza. Khutu lachilendo limangomva "Limbelimbelimbe", koma mukatchera bwino mupeza kuti pali mawu achiwiri omwe akubwerezedwa: "Limbe Hayiwe! Hayiwe iyi!" kapena "Zingwangwa Limbe!" Mawu achiwiriwo ndi amene ali ndi ntchito kwa inu. Tsiku lija kondakitala wanga ayenera kuti anakuwa Zingwangwa kangapo konse. Ine ndinali kalikiliki kumvera nyimbo.

Ndiye funso la pakhomo la minibasi lisakhale loti "Ikupita ku Limbe?" Yankho lake ndi "Eya, lowani asisi" nthawi zonse, ndipo sakunama. Funsani kuti, "Achimwene, idutsa pa Chichiri?" Tchulani siteji yanu, osati mapeto a ulendo. Ndipo mufunse kondakitala mwini wake, uja wagwira ndalama m'manja, kapena munthu amene wakhala kale mkati. Anyamata oitanira aja ntchito yawo ndi kudzadzitsa galimoto, akalandira yawo amatsala pomwepo. Mukasochera iwo sakhalapo.

Mukakwera, chotsatira ndi kuwerenga masiteji. Apa ndi pomwe ndikanadzipulumutsa. Kuchoka ku Blantyre kudzera Hayiwe, mndandanda wake ndi wosavuta: mudutsa pa Clock Tower, kenako chipatala cha Queens, Ginnery Corner, pa Pole, Chichiri, Maselema, n'kulowa mu Limbe. Simukuyenera kuloweza onse. Gwirani atatu okha: siteji yotsimikizira kuti muli pa njira yolondola, siteji ya pambuyo pake poti muyambe kukonzeka, ndi siteji yokuuzani kuti mwapitirira. Kwa munthu wopita ku Chichiri, Ginnery Corner ikutanthauza kuti zili bwino, Pole ikutanthauza kuti yankhulani tsopano, Maselema ikutanthauza kuti mwadutsa, tsikani mubwerere.

Ine ndinamva kondakitala akufunsa kuti, "Kamba ilipo?" Dzinali silinali mu uthenga wa mnzanga uja, koma ndinangoti mwina ndi siteji ina ya panjira. Kamba siili pa Hayiwe. Ndikanatsika pomwepo n'kukwera kabaza, ndikanafika nthawi yabwino, chifukwa Chichiri sipatali kwenikweni kuchoka pamenepo. M'malo mwake ndinakhala phee, manyazi ofunsa atandigwira, mpaka mayi wina amene anali pambali panga, atanyamula beseni la tomato pamiyendo, anandiyang'ana n'kufunsa, "Mwanawe, ukutsikira kuti?" Nditati Chichiri, anagwira pakamwa. "Iii, iyi ndi ya Zingwangwa. Pano basi ungofika ku Limbe, ukakwere ya Hayiwe yobwerera." Ndinalipira kawiri, nthawi n'kutha.

Mayina a masiteji nawo ali ndi khalidwe lawo. Satsata zolembedwa pa mapu, amatsata zimene anthu anazolowera. Sukulu ya Polytechnic inasanduka MUBAS mu 2021, koma mukauza kondakitala kuti mukutsika pa Pole sakufunsani kawiri. Masiteji ambiri amatchedwa ndi dzina la sitolo, tchalitchi, mtengo kapena malo omwetsera mafuta, ndipo dzinalo limatsala ngakhale chinthucho chitasintha. N'chifukwa chake Google Maps imathandiza theka chabe. Imakuonetsani kadontho kabuluu kakuyenda, ndipo mukhoza kuona msanga ngati minibasi yapatuka pa msewu waukulu, koma dzina la msewu lomwe ili nalo si limene kondakitala akuyembekezera kumva. Munthu amene mukupita kukakumana naye mumufunse kuti, "Siteji yake amati pati?" (Foniyonso muziigwira bwino mukakhala pawindo, makamaka galimoto ikaima pa siteji yodzadza anthu.)

Kondakitala akafunsa kuti "Queens ilipo?" ndiye kuti akufuna kudziwa ngati pali wotsika. Pakakhala zii, ndipo panja palibe woimitsa, dalaivala amangodutsa. Yankho ndi "Ilipo!" mokweza, siteji isanafike. Mukayankhula galimoto ili kale pa liwiro, akakutsitsani kutsogolo, ndipo mawu a kondakitala simuwakonda. Ngati malowo simukuwadziwa, muuzeni pomwe mukupereka ndalama: "Munditsitse pa Chichiri, ndine mlendo." Ambiri amakumbukira, ndipo akaiwala, anthu ena amene amva amakukumbutsirani.

Pali chinthu chimodzi chomwe ngakhale wodziwa njira chimamupeza. Nthawi zina anthu akachepa m'galimoto, kapena dalaivala akaona kuti mbali inayo kuli anthu ambiri, amaima panjira n'kukuuzani kuti mulowe ina. Apaulendo amati "atigulitsa". Zikatero musathamangire kukhala pansi. Onetsetsani kuti makondakitala awiriwo apatsana ndalama zanu inu mukuona, chenji chanu mwalandira, ndipo funso lija mulibwereze kwa watsopanoyo, chifukwa minibasi yachiwiri ikhoza kukhala ya Limbe yomweyo koma yodzera kwina.

Ntchito ija sindinaipeze. Sindinganene kuti chinali kuchedwa kokha, koma munthu wolowa thukuta lili kamukamu, akupepesa asanakhale n'komwe, sayamba bwino. Mwezi watha mng'ono wanga anabwera kuchoka ku Kasungu kudzafunsira malo a sukulu. Uthenga umene ndinamulembera unali wotalikirapo kuposa umene ndinalandira ine: "Ukwere ya Limbe imene akuitanira Hayiwe. Ufunse ngati idutsa pa Chichiri. Ukamva Pole, unene kuti Chichiri ilipo. Ukamva Kamba, tsika undiyimbire." Sanaimbe. Anangonditumizira chithunzi ataima pafupi ndi Kamuzu Stadium.