Ruku kumbuyo kwa poni: kudikira kapena kuukira?

Pa tchesi, kutsala ndi poni imodzi mukakhala ndi ruku aliyense sikutanthauza kuti mwagonja. Tiyerekeze kuti mnzanu ali ndi ruku pa a8 ndi poni pa a7, ruku yanu ili kumbuyo kwake pa a1. Apa kudikira n'kokwanira. Ruku yake yadzitsekera yokha, ndipo mfumu yake ikafika pa b6 mumaipatsa tcheki kuchokera pa b1, isowe pobisala. Koma mfumu yanu isachoke pa g7 kapena h7. Ikangoponda pa f7, iye amapita pa h8. Mukadya poni, tcheki ya pa h7 imakulandani ruku.

Poni ikaima pa a6, nkhani imasintha, chifukwa a7 wasanduka mthunzi wa mfumu yake. Ambiri amaluzira pamenepa, akungoyendetsa ruku uku ndi uku. Ngati mbali inayo kuli maponi, mfumu yake ikangonyamuka ulendo wautaliwo, ruku yanu idyeko imodzi, mutsegule njira ya poni yanu. Kenako mutha kupereka ruku posinthana ndi poni yakeyo, yanu ikuthamanga ndi mfumu pambali. Werengani mayendedwe musanayambe, poti kuchedwa kamodzi kokha kumataya masewero.