Fulashi Ikakana Kutseguka, Dizeteshoni Ili Momwemo

Linali Lolemba usiku, ndipo dizeteshoni inkafunika Lachisanu lomwelo. Mtsikana wina wa chaka chachinayi pa yunivesite, amene kafukufuku wake anali wokhudza alimi a mtedza, anali atamaliza kukonza chaputala chomaliza pa kompyuta ya ku laibulale. Magetsi atangothima, iye anazula fulashi yake n'kuthamangira kuhositelo kuti akapitirize pa laputopu ya mnzake. Atailowetsa, mafayilo sanaoneke. Panangotulukira uthenga wakuti "You need to format the disk in drive E: before you can use it." Pansi pake panali mabatani awiri, lina lofomata, lina lokana.

Laputopu yakeyake analibe. Machaputala onse asanu, mayankho a alimi amene anawalowetsa mu Excel, ndi zithunzi za kumunda, zonse zinkakhala mu kachipangizo kameneka, ndipo ankalembera momwemo osakopera pena. Ophunzira ambiri amene amadalira makompyuta obwereka amachita chimodzimodzi, ndipo sitingawadzudzule kwambiri. Fulashi ndiyo chinthu chokhacho chimene chili chawochawo.

Chimene chinamupulumutsa n'chakuti anadina Cancel. Uthenga uja sutanthauza kuti mafayilo apita. Mu fulashi muli mbali ziwiri zikuluzikulu: kachipu kosunga zinthu, ndi kachipu kena kolamulira, kamene kamalankhula ndi kompyuta. Pa kosungako, malo ochepa a koyambirira amasungira mndandanda wofotokoza dzina la fayilo iliyonse ndi pamene yakhala, monga momwe tsamba la zamkatimu limalozera machaputala m'buku. Mafulashi ambiri amagwiritsa ntchito dongosolo lotchedwa FAT32 kapena exFAT polemba mndandandawu. Munthu akazula fulashi kompyuta ikadali mkati molemba, kapena magetsi akathima nthawi imeneyo, mndandanda ukhoza kusiyidwa wolembedwa theka. Windows ikalephera kuuwerenga imaona ngati fulashiyo ndi yosakonzedwa, n'chifukwa chake imapempha kufomata. Zolemba zenizenizo nthawi zambiri zimakhala zidakali pamalo ake.

Kufomata kumalemba mndandanda watsopano wopanda kanthu pamwamba pa wakale. Ngati ndi kufomata kwachangu, kwa Quick Format, zolemba zikhoza kupezekabe ngakhale movutikira. Koma wina akachotsa kachizindikiro ka Quick Format, Windows imalemba maziro pa fulashi yonse, ndipo pamenepo palibe katswiri amene angabwezeretse kanthu.

Lachiwiri m'mawa mtsikanayu anapita kwa mnyamata wina wokonza makompyuta pafupi ndi sukulu. Mnyamatayo sanathamangire mapulogalamu. Anayamba wafunsa: "Achemwali, chichitikireni zimenezi mwakoperamo chilichonse? Mwafomata?" Atamva kuti ayi, anailowetsa mu kompyuta yake n'kutsegula Disk Management, zenera la Windows limene limaonetsa madisiki onse olumikizidwa. Zimene zimaoneka pamenepa ndizo zimasiyanitsa matenda a fulashi, ndipo munthu wamba angathe kudzionera yekha.

Fulashi ya mtsikanayu inali ya 16 GB, ndipo zeneralo linaonetsa kukula kwake bwinobwino, pafupifupi 14 kapena 15 GB monga zimakhalira, koma pamalo olemba FAT32 panalembedwa RAW. Uwu unali uthenga wabwino. Unkasonyeza kuti tichipu tonse tiwiri tili moyo, chawonongeka ndi mndandanda wokha. Zikanakhala zina ngati zeneralo likanalemba No Media, kapena kuonetsa kuti fulashi ilibe malo konse, kapenanso ngati kompyuta ikanangoti "USB device not recognized" pa mabowo onse ndi pa makompyuta angapo. Pamenepo vuto limakhala la chipangizo chenichenicho, kachipu kolamulira kafa kapena polumikizira pathyoka, ndipo pulogalamu iliyonse ya pa intaneti singathandize, chifukwa ilibe njira yofikira pa zolembazo. Polumikizira pothyoka wodziwa kuwotcherera akhoza kulumikiza. Kachipu kakafa pamafunika akatswiri a zipangizo zapadera zowerengera chosungiracho mwachindunji, ntchito yodula imene wophunzira wotsala ndi masiku atatu sangaidalire.

Palinso matenda achitatu, amene ndi ofala kwambiri m'malo opulintira ndi m'malabu momwe mafulashi ambirimbiri amalowa mu kompyuta imodzi. Fulashi imatseguka, koma mafoda asanduka timashotikati ta kamuvi pakona, kapena mulibiretu kanthu pomwe kompyuta ikuonetsa kuti malo ndi odzaza. Ameneyo ndi vayirasi wobisa mafayilo. Sawafufuta, amangowaika chizindikiro choti asaoneke. Timashotikati tija si toti munthu adine, chifukwa kudinako ndiko kumafalitsa vayirasiyo. Pa kompyuta yokhala ndi antivayirasi, munthu amayamba wasesa fulashiyo, kenako n'kutsegula Command Prompt ndi kulemba lamulo ili, kusintha E kukhala chilembo cha fulashi yake:

```
attrib -h -r -s /s /d E:\*.*
```

Mafoda amabwerera pompo. N'zomvetsa chisoni kuti ophunzira ena amafomata fulashi pa vuto lopepuka chonchi, n'kudziphera okha ntchito ya chaka chonse.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Anzake kuhositelo anali atamuuza kuti ayese chkdsk, lamulo la Windows lokonza madisiki. Mnyamatayo anakana. Pa disiki ya RAW lamuloli kawirikawiri limangoyankha kuti silingagwire ntchito, ndipo pamene lagwira limalemba pa fulashiyo posintha mndandanda, zomwe zikhoza kusokoneza zinthu zomwe zikanapulumuka. Lamulo lake iye linali limodzi: pa fulashi yodwala timangowerenga, sitilembapo.

Anagwiritsa ntchito PhotoRec, pulogalamu yaulere imene analemba Christophe Grenier wa ku France, ndipo imabwera limodzi ndi inzake yotchedwa TestDisk. Ngakhale dzina lake likunena za zithunzi, imapezanso zolemba za Word ndi Excel, ma PDF ndi mitundu ina yambiri. PhotoRec silabadira mndandanda wowonongeka uja. Imawerenga fulashi kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kufunafuna zizindikiro zimene mtundu uliwonse wa fayilo umayambira nazo, ndipo ikapeza imakopera fayiloyo kumalo amene wogwiritsa ntchito wasankha. Malowo ayenera kukhala pa disiki ina, osati pa fulashi yomweyo, kuopa kulemba pamwamba pa zimene zikufunidwa. Mnyamatayo anasankha foda pa kompyuta yake, ndipo anauza pulogalamuyo kuti ifune zolemba ndi zithunzi zokha kuti ntchito ifulumire.

Zotuluka zake zinayamba zamukhumudwitsa mtsikanayu. Popeza mayina amakhala mu mndandanda, PhotoRec siwabweza. Mafayilo anatuluka mu foda yotchedwa recup_dir.1, lililonse lili ndi dzina la chilembo f ndi manambala. Munali zinthu zimene anafufuta kalekale, ma asayimenti a chaka chachiwiri, ndi makope ambiri a dizeteshoni yomweyo. Makope amenewa ali ndi chifukwa chake. Word ikamasunga fayilo imayamba yalemba kope latsopano pambali, kenako n'kuchotsa lakale, choncho munthu wolembera pa fulashi amasiya m'mbuyo makope akale osaoneka. Mtsikanayu anakhala masana onse akusanja mafayilo potengera kukula kwake ndi kutsegula limodzilimodzi.

Kope la Lolemba usiku linapezeka, koma Word inakana kulitsegula. Apa ndi pomwe mphamvu ya PhotoRec imathera. Fayilo ikakhala kuti inalembedwa m'zidutswa pamalo osiyanasiyana a fulashi, mndandanda wokha ndiwo umadziwa kalumikizidwe kake. Fayilo ya .docx ndi mtolo wopanikizidwa wa mtundu wa ZIP, ndipo chidutswa chimodzi chikasowa, nthawi zambiri yonse imakana kutseguka. Kope limene linatseguka bwino linali lakale pang'ono. Munali machaputala anayi athunthu ndi chachisanu chosakonzedwa, chopanda malangizo a kumapeto komanso theka la mndandanda wa mabuku. Fayilo ya Excel ya mayankho a alimi inatuluka yamoyo, ndipo imeneyi ndiyo inali yofunika koposa, pakuti chiganizo munthu akhoza kuchilembanso koma sangabwerere kumidzi kukafunsanso alimi m'masiku atatu.

Zotsalazo anazitolera kwina. Mu imelo yake, mu foda ya Sent, munali chaputala chachinayi chimene anatumizira omuyang'anira, ndipo iwo anali atachibweza ndi ndemanga zawo. Pa WhatsApp panali mndandanda wa mabuku umene anatumizira mnzake kuti amuonere kalembedwe. Anabwereranso pa kompyuta ya ku laibulale kukayang'ana mu Word, pa File, Info, Manage Document, Recover Unsaved Documents. Word imasunga kope langozi mphindi 10 zilizonse ngati munthu sanasinthe dongosololo, ndipo kompyuta ikazima mwadzidzidzi kopelo limatsalira pa kompyuta imene ankalemberapo. Iye sanapezepo kanthu, chifukwa makompyuta ambiri a anthu onse amakonzedwa kuti azifufuta zonse akayatsidwanso.

Chinthu china anachichita bwino: omuyang'anira anawauza Lachiwiri lomwelo, osadikira Lachisanu. "Adokotala, fulashi yanga yawonongeka, koma zambiri ndazipeza. Chatsala ndi chaputala chachisanu," anawalembera motero, n'kuphatikizapo chithunzi cha uthenga wa Windows uja ndi kope limene linapulumuka. Aphunzitsi amva nkhani ya fulashi kambirimbiri, ena oinena moona, ena ofuna kubisa ulesi, ndipo wobwera msanga ndi umboni ndiye amamveredwa. Iwo anamutumizira ndemanga zawo zonse zakale. Lachitatu ndi Lachinayi anazilemba usiku wonse, ndipo Lachisanu masana anakapereka buku lake lobayindidwa.

Fulashi ija sanaigwiritsenso ntchito pa chinthu chofunika. Mnyamata wokonza uja anamuchenjezanso za mafulashi achinyengo, otchipa modabwitsa, amene amalembedwa 64 GB pomwe kachipu kake n'ka 8 GB. Oterewa amalandira mafayilo popanda kudandaula, koma malo enieni akadzaza, zatsopano zimatayika kapena kulembedwa pamwamba pa zakale, ndipo palibe pulogalamu imene ingazibweze. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yopanda kanthu n'kuiwerenganso kuti ione kukula kwake kwenikweni, ndipo ndi bwino kuyesa fulashi yatsopano musanaisungitse kalikonse.

Kwa amene mukulemba dizeteshoni panopa, fayilo ya Word yopanda zithunzi zambiri nthawi zambiri sifika ndi 2 MB yomwe, ndipo akaunti ya Google imapereka 15 GB kwaulere. Tsiku lililonse mukamaliza kulemba, sungani kope lokhala ndi deti m'dzina lake, mudzitumizire pa imelo limodzi ndi fayilo ya mayankho a kafukufuku, kenako mudine Eject musanazule fulashi.