Chifukwa Chake Arduino Imasokonekera Pakadutsa Maola 9

Kachipangizo ka Arduino Uno katha kugwira bwino ntchito m'mawa wonse, madzulo n'kuyamba kuchita zachilendo, koma mawaya onse ali bwinobwino. Nthawi zambiri vuto limakhala nambala imene yasefukira m'pulogalamu.

Tiyerekeze kuti mukufuna pampu yothirira dimba iziyaka pakadutsa maola 10, omwe ndi masekondi 36,000. Pulogalamu ikuwerenga masekondiwo m'malo osungira nambala a mtundu wa `int`. Pa Uno, malowa ali ndi mabiti 16 okha, choncho sangasunge nambala yoposa 32,767. Pakadutsa maola 9 ndi mphindi 6, nambala ija imafika pamapeto, ndipo kawirikawiri imagwera pa -32,768. Pa 36,000 siidzafikapo, ndiye pampu siyaka, mbewu n'kufota.

Chizindikiro chake n'chakuti vutoli limabwera patadutsa nthawi yofanana chiyatsireni kachipangizoko, ndipo mukakazimitsa n'kukayatsanso limayamba labisala. Kuti mutsimikize, onetsani nambalayo ndi `Serial.println()`, muone ngati yatsika pansi pa ziro.

Mankhwala ake ndi `unsigned long`, imene imafika pa 4,294,967,295. Nayonso `millis()` imabwerera pa ziro pakadutsa masiku pafupifupi 50, choncho poyeza nthawi muzichotsera:

```
if (millis() - poyambira >= 36000000UL)
```

Mukatero, yankho limakhala lolondola ngakhale nambalayo itasefukira.