Uthenga umene wolembedwa kumene ntchito amaudikira

Munthu akauzidwa kuti wapambana intavyu amasangalala tsiku limodzi kapena awiri, kenaka mafunso amayamba kumuvutitsa. Ndikafike nthawi yanji? Ndikalowere geti liti, ndipo ndikafunse ndani? Ndivale chiyani? Malipiro oyamba adzatuluka liti? Ambiri safunsa. Amaopa kuoneka ngati osadziwa zinthu, kapena ngati okonda ndalama ntchito asanaiyambe n'komwe. Ku ofesi nako anthu amaiwala kuti zimene iwo adazizolowera mnzawoyo sakuzidziwa. Uthenga womulandira, wotumizidwa masiku ochepa tsiku loyamba lisanafike, ntchito yake ndi kuyankha mafunso amene iye akuchita manyazi kufunsa.

Tiyerekeze mtsikana amene walembedwa ntchito ya ukalaliki mosungira katundu pa kampani ina ku Kanengo, mu Lilongwe. Akukhala ndi azakhali ake ku Chinsapo, ndipo ayamba Lolemba. Kalata yomulemba ntchito adalandira kale, koma kalatayo imangonena udindo, malipiro ndi tsiku loyambira. Sinena kuti kuchokera ku Chinsapo ayenera kukwera minibasi ziwiri, ina yopita mtauni, ina yolowera ku Kanengo pa msewu wa M1, ndiponso kuti m'mawa magalimoto amathithikana. Sinena kuti pamalopo pali mageti awiri, lina la malole ndi lina la anthu oyenda pansi. Intavyu mwina idachitikira ku ofesi ya mtauni, choncho kumalo kwenikweni kwa ntchito sanapondeko.

Uthengawu uyenera kumufika Lachitatu kapena Lachinayi. Ukatumizidwa milungu iwiri isanakwane, zina zimasintha ndipo munthu amaiwala. Ukatumizidwa Lachisanu madzulo wachedwa, chifukwa zambiri zimene mukumupempha zimafuna masiku a ntchito: kupita ku banki, kukachititsa fotokope, kapena kuitanitsa satifiketi ya MSCE imene idatsala m'sutikesi kumudzi. Wotumiza ayang'anenso kalendala. Tsiku la tchuthi monga 15 Januwale, 3 Malichi kapena 6 Julaye likagwa Loweruka kapena Lamlungu, anthu kawirikawiri amapuma Lolemba lotsatira, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti munthu awononge ndalama ya minibasi n'kukapeza geti lotseka.

Nanga alembe ndani? Ine ndimaona kuti ndi bwino alembe amene adzakhale akumuyang'anira tsiku ndi tsiku, ngakhale a ku ofesi yolemba anthu ntchito ndiwo amusonkhanitsire zofunika. Akatero, watsopanoyo amafika akudziwa dzina limodzi la munthu amene akumuyembekezera. Palinso chifukwa china. Masiku ano anthu ambiri aberedwa ndi akathyali amene amatumiza uthenga wa ntchito yabodza n'kupempha ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, amvekere ndi ya yunifomu kapena ya fomu. Choncho uthenga wochokera pa nambala yachilendo umakayikitsa, ndipo ndi bwino kuti uzikayikitsa. Wolemba adzitchule dzina ndi udindo, atchule tsiku limene adakumana pa intavyu, apereke nambala ya ku ofesi, ndipo anene poyera kuti kampani sipempha ndalama iliyonse.

Uthenga wa mtsikana wathu uja ukhoza kumveka chonchi:

"Mayi Uje, muli bwanji? Ndine Uje, woyang'anira mosungira katundu, tinaonana pa intavyu yanu. Tikukuyembekezerani Lolemba nthawi ya 7:30 m'mawa ku Kanengo. Mukatsike pa siteji ya pafupi ndi nkhokwe za chimanga, n'kuyenda pang'ono kulowera kumanja. Geti lathu ndi lobiriwira. Mulowere pa geti laling'ono la oyenda pansi. Alonda ndawapatsa dzina lanu, ndipo akandiimbira ndidzabwera kudzakutengani ndekha. Mubweretse chiphaso cha unzika ndi fotokope yake, masatifiketi enieni, nambala ya akaunti ya ku banki, TPIN ngati muli nayo, ndi dzina ndi nambala ya foni ya wachibale amene tingamuimbire patagwa vuto. Muvale nsapato zotseka zopanda chidendene chachitali; jasi ya ntchito mudzaipeza kuno. Chakudya chamasana timapereka. Tidzaweruka 4:30 madzulo. Malipiro timalandira pa 27, koma popeza mukuyamba ndandanda ya mwezi uno itatsekedwa kale, ndalama ya masiku anu oyamba idzabwera pamodzi ndi ya mwezi wamawa. Ngati zimenezi zikuvutani, mundiuze tione za adivansi. Palibe ndalama iliyonse imene muyenera kulipira. Chonde mundiyankhe kuti mwaulandira uthengawu."

Mbali ya malipiro ija ndi imene mabwana ambiri amaidumpha, koma ndi imene imapweteka kwambiri ikasowa. Makampani ambiri amatseka ndandanda ya malipiro chapakati pa mwezi kuti a zachuma awerengere msonkho ndi penshoni. Tinene kuti kampaniyi imatseka pa 15, ndipo mtsikanayu akuyamba pa 17. Iye m'mutu mwake akuti pa 27 alandira kenakake. Wabwereka ndalama ya minibasi yokwanira masiku 10, walonjeza azakhali kuti mwezi ukatha agulako ufa ndi makala. Pa 27 anzake foni zawo zikulira kuti ndalama zalowa, yake ili zii. Tsopano ayenera kuyenda mwezi wina wathunthu, minibasi zinayi pa tsiku, wopanda khobidi. Apa ndi pamene anthu amagwa m'manja mwa a katapila, kapena kuyamba kufika mochedwa chifukwa mtunda wina akuyenda pansi, bwana n'kumaganiza kuti adalemba waulesi. Chiganizo chimodzi chotumizidwa Lachitatu chikanamupatsa mpata wokonzekera, ngakhale uthenga wake uli wosakoma. Ngati kampani sipereka adivansi, inene choncho, ndipo isalonjeze zoti "tidzaona" pamene yankho likudziwika kale.

Zikalata zimene zikupemphedwa zili ndi zifukwa zake, ndipo si kulakwa kuzifotokoza mwachidule. TPIN ndi nambala ya wokhoma msonkho imene imaperekedwa ndi bungwe la MRA, ndipo olemba ntchito amaifuna podula msonkho wa pamalipiro. Wachinyamata amene akuyamba ntchito koyamba mwina sanaimvepo, n'chifukwa chake uthenga uja ukuti "ngati muli nayo", kuti asagone ndi nkhawa. Chiphaso cha unzika chochokera ku NRB chimafunika ku banki ndiponso polembetsa penshoni, imene mwa lamulo wogwira ntchito amasonkhako 5 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba amaikapo yosachepera 10 peresenti. Ngati alibe akaunti, banki ikhoza kufuna kalata yochokera kuntchito, choncho kampani imuuze kuti kalatayo aipeza liti. Koma zikalatazi azibweretse pamanja. Kupempha munthu kuti ajambule chiphaso chake n'kutumiza pa foni ya bwana, kapena pa gulu la WhatsApp la antchito onse, n'kuika zinsinsi zake pamalo pamene kampani singathe kuziteteza.

Za zovala nazo musangoti "muvale moyenera". Moyenera ku banki si moyenera mosungira matumba a feteleza. Munthu amene sanauzidwe amakonda kuvala mopitirira, ndipo ena amakongola ndalama kugula suti kapena nsapato zimene sadzazivalanso. Ngati majombo kapena ovolosi mupereka ndinu, funsani saizi mu uthenga womwewu.

Njira yotumizira ikhale imene munthuyo angaifikire. Imelo ndi yabwino posunga umboni, koma amene wakhala miyezi osagwira ntchito sakhala ndi bandulo nthawi zonse, ndipo mwina imelo amaitsegula pa foni yobwereka. Chanzeru ndi kutumiza uthenga wonse pa imelo kapena pa WhatsApp, n'kutsatira ndi meseji wamba yaifupi yokhala ndi tsiku, nthawi, geti ndi nambala yoimba. Buku la malamulo a kampani la masamba 40 lidikire Lolemba. Likatumizidwa pamodzi ndi uthengawu limadya bandulo, ndipo mfundo zofunika zija zimamira. Kumupatsiratu ntchito yoti achite kunyumba asanayambe nakonso si bwino, pakuti masiku amenewo simukumulipira.

Uthengawu uli ndi malire ake. Si kontirakiti, ndipo sungalowe m'malo mwake. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limafuna kuti wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake, monga malipiro ndi maola, pasanathe mwezi umodzi chiyambire. Zinthu ngati nthawi yoyesedwa, imene lamulo lomweli limati isapitirire miyezi 12, malo ake ndi m'chikalatacho. Kuzibweretsa koyamba mu uthenga wa malonje, kapena kusinthiramo malipiro amene mudagwirizana, kumaononga chikhulupiriro munthu asanaone n'komwe desiki yake. Ngati china chasintha, muimbireni foni, mukambirane, kenaka mulembe kalata yapadera.

Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu, ndipo ndi zoona kuntchito: amene sanamve chilichonse kwa milungu iwiri amayamba kukayika ngati ntchitoyo ilipodi, ndipo kampani ina ikamuitana amapita. N'chifukwa chake mzere wotsiriza wopempha yankho ndi wofunika. Yankho lake limakuuzani zambiri. Akayankha ndi mafunso, ndiye kuti wawerenga. Akafunsa chinthu chimene mumayesa kuti mwachilemba bwino, monga siteji yotsikira, vuto lili mu uthenga wanu, ndipo mulikonze musanautumize kwa wina. Akakhala chete mpaka Lachisanu masana, imbani foni, osafulumira kumuweruza. Foni ikhoza kukhala itazima chifukwa cha kuthima kwa magetsi, kapena ali kumaliro kumene netiweki sigwira. Koma mwina wasintha maganizo ndipo akuchita manyazi kunena, ndipo ndi bwino muzidziwe Lachisanu, pamene mungaimbire amene adamutsatira pa intavyu.

Chotsala n'chakuti zimene zalembedwa zikhale zoona. Ngati mwalemba kuti alonda ali ndi dzina lake, pitani pa geti Lachisanu mukalilembetse, ndipo mukumbukire kuti alonda amasinthana: amene mwamuuza masana mwina si amene adzakhalepo Lolemba m'mawa, choncho dzinalo lilowe m'buku la pa geti. Auzeni a kukhitchini kuti mbale zawonjezeka. Ngati Lolemba muli ndi msonkhano wa 8 koloko, pezani mnzanu woti adzamulandire, ndipo dzina lake ndi nambala yake muziike mu uthengawo musanautumize.