Kalata yokana ntchito nayo imayankhidwa

Pansi pa malonda ambiri a ntchito a mu The Nation ndi The Daily Times pamakhala kachiganizo kodziwika bwino, konena kuti okhawo amene asankhidwa ndi omwe adzauzidwe. Anthu ambiri amene atumiza makalata samvanso chilichonse. Ochepa amaitanidwa ku intavyu, amavala bwino, amayankha mafunso, kenako pakapita masabata amalandira imelo yaulemu yowauza kuti mwayi wagwera wina. Ambiri amangoifufuta ndi mtima wowawa. Chonsecho munthu amene wafika pamenepa ali ndi chinthu chimene anzake osaitanidwa alibe: pali ofesala amene wamuona nkhope, wamumva akulankhula, ndipo akudziwa pamene anaterereka.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Ndirande amene ali ndi dipuloma ya akawunti ndipo wagwirapo ntchito chaka chimodzi pa sitolo yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Wafunsira ntchito yothandizira wowerengera ndalama pa kampani ina ku Limbe, wafika pa anthu asanu omaliza, koma Lachiwiri m'mawa walandira uthenga wokana. Chinthu choyamba chofunika kuona ndi komwe uthengawo wachokera. Ngati adiresi ikuyamba ndi mawu oti noreply, ndiye kuti watumizidwa ndi makina ndipo yankho lake silidzawerengedwa ndi aliyense. Ayenera kubwerera ku imelo imene inamuitanira ku intavyu, chifukwa nthawi zambiri imeneyo imakhala ndi dzina la munthu weniweni wa mu ofesi yolemba anthu ntchito.

Nthawi yolembera nayo ndi yofunika. Tsiku lomwelo mtima umakhala udakali m'mwamba, ndipo mawu amatuluka akuthwa mwini wake osazindikira. Koma akadikira mwezi, ofesalayo amakhala atafunsa kale anthu ena ambiri ndipo nkhope yake yaiwalika. Tsiku lotsatira kapena mkuja ndi pabwino, mapepala a malikisi adakali pa tebulo.

Mapepala amenewa ndiwo amathandiza kudziwa funso loyenera. M'mabungwe ambiri akuluakulu ofunsa amakhala atatu kapena kuposerapo, aliyense ali ndi mafunso ofanana kwa onse, ndipo amapereka malikisi pa yankho lililonse. Pamapeto amawonkhetsa. Choncho kufunsa kuti "Mwandisiyiranji?" n'kupempha munthu kuti ateteze chiganizo cha gulu lonse, ndipo palibe wa mu ofesi amene angafune kutero, makamaka polemba. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu wofunsira ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, ulumali, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina zotero. Olemba ntchito amadziwa kuti chiganizo chimodzi cholembedwa mosasamala chikhoza kudzawerengedwa pa mlandu, n'chifukwa chake amathawira ku mawu ozungulira. Koma funso loti ndi mbali iti imodzi imene malikisi anatsika ndi losavuta, chifukwa yankho lake lili kale pa pepala.

Mtsikana uja akhoza kulemba motere, kaya m'Chingerezi monga zimakhalira m'maofesi ambiri, kaya m'Chichewa:

"Zikomo kwambiri, mayi, pondidziwitsa zotsatira za intavyu ya Lachinayi lapitali. Chiganizo chanu ndachilandira. Ngati mungapeze kamphindi, ndingakonde kudziwa chinthu chimodzi chimene ndikanachita bwino, ngakhale m'mzere umodzi wokha. Komanso, malinga ndi momwe munandionera, kodi pali ntchito ina pa kampani yanu imene ingandiyenere ikadzapezeka? Ndingasangalale mutasunga mapepala anga."

Uthengawu ndi waufupi dala. Mawu oti "ndachilandira" akumasula wowerengayo, chifukwa akudziwiratu kuti sipabwera mkangano. Kupempha chinthu chimodzi kukumupatsa ntchito ya mphindi ziwiri, osati ya kulemba lipoti. Ndipo mulibe nkhani ya lendi, ya fizi ya azing'ono ake kapena ya zaka zimene wakhala pa khomo. Mavuto amenewa ndi enieni, koma ofesala sangachitepo kanthu, ndipo munthu akachita manyazi amasankha kungokhala chete.

Yankho likabwera liyenera kusefedwa. Lina limangoti panali wina wodziwa zambiri kuposa iye. Limenelo ndi ulemu chabe, ndipo chofunika ndi kuthokoza n'kusiya pomwepo. Lina limatchula chinthu chogwirika. Mwachitsanzo, mayi aja akhoza kunena kuti atamufunsa momwe angayerekezere buku la ndalama la kampani ndi sitetimenti ya ku banki, iye anafotokoza za m'kalasi osapereka chitsanzo cha ku ntchito, komanso kuti kampaniyo imagwiritsa ntchito Sage pamene iye anangotchula Excel. Apa wapeza zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba si kusadziwa ayi, popeza ntchitoyo ankaigwira mwezi uliwonse ku sitolo kuja. Chimene chinasowa ndi nkhani yokonzeka, monga ya cheke chimene chinalembedwa m'buku koma chinachedwa kutuluka ku banki, ndi momwe iye anachipezera. Zimenezi angazikonze madzulo amodzi. Chachiwiri chikufuna kuphunzira pulogalamuyo, kumene kungatenge masabata angapo ndi kandalama.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Akamva chifukwa, amayankha kuti "Koma zimenezo ndinazinena." Mwina anazinenadi. Koma akatsutsa, ofesalayo amaphunzira kuti kuyankha ndi kudziitanira mavuto, ndipo khomo limatsekeka kwa iye ndi kwa ena obwera pambuyo pake.

Funso lachiwiri lija, la ntchito zina, mphamvu yake imadalira amene akufunsidwa. Ofesala wa pa kampani amangodziwa mipata ya pa kampani yakeyo, komabe amadziwa zimene sizinalengezedwe, monga kuti mwezi wamawa kukufunika wosunga katundu kapena wolandira ndalama. Amadziwanso kuti wosankhidwa nthawi zina amakana malipiro kapena amachoka asanamalize miyezi yoyeserera, ndipo zikatero amayamba kuimbira amene anali wachiwiri. Makampani opezera ena antchito, omwe ndi ambiri ku Joni ndi ku Mangalande, ndi osiyana: amalipidwa ndi wolemba ntchito akamupezera munthu, choncho munthu wabwino amene wakanidwa kwina akadali phindu kwa iwo. Kwa amenewa ndi bwino kutchuliratu mitundu iwiri ya ntchito imene munthu akufuna, m'malo monena kuti "iliyonse", mawu amene sauza aliyense kanthu. Ku boma ndi kwina: ntchito iliyonse imalengezedwa payokha ndipo imafunsiridwa payokha, kotero wofunsa asayembekezere kuti mapepala ake angosamutsidwa.

Pali chenjezo limodzi. Wina akayankha kuti mpata ulipo koma pakufunika kangachepe kuti dzina liikidwe pamwamba, ameneyo si wolemba ntchito, ndi wakuba.

Nthawi zambiri yankho silibwera n'komwe, makamaka kwa amene anakanidwa asanafike pa intavyu, chifukwa makalata amakhala mazanamazana ndipo palibe amene akukumbukira kalata imodzi. Amene anafika pa intavyu akhoza kukumbutsa kamodzi pakatha sabata, mu imelo yomweyo, osati poimba foni usiku kapena kutumiza mauthenga pa WhatsApp ya ofesalayo. Kukakhalanso zii, nkhani yathera pomwepo, ndipo kampaniyo ikadzalengeza ntchito ina palibe chomuletsa kufunsiranso.