Imelo yoitanira alendo iziwauzanso mmene angayankhire

Kampani ikafuna kuonetsa katundu watsopano kwa anthu, ndalama zambiri zimapita ku holo, chakudya ndi zokuzira mawu. Koma mipando imadzaza kapena kukhala yopanda anthu chifukwa cha kakalata kamodzi ka pa imelo, kamene nthawi zambiri kamalembedwa mothamanga.

Tiyerekeze kuti kampani ina ya ku Blantyre yayamba kupanga chiponde cha m'mabotolo, ndipo ikufuna kuitana anthu 120: eni magolosale, ogula zopikulitsa, atolankhani ndi alimi a mtedza amene amaigulitsa mbewu. Mwambo uchitika Lachinayi pa 21 Meyi 2026. Imelo iyenera kuchoka patatsala milungu itatu, pofika pa 30 Epulo, chifukwa mawa lake ndi tchuthi cha apantchito ndipo maofesi amakhala otseka.

Ambiri mwa alendowa adzaiwerengera pa foni, ndipo choyamba kuona ndi mutu wake. Mutu wongoti "Kukuitanani" sunena kanthu. Ukhale ndi dzina la kampani, chochitika ndi tsiku, kuti ngakhale amene sanaitsekule adziwe nkhani. M'kati, pambuyo pa moni waulemu wotchula dzina la munthuyo, mizere yoyambirira inene tsiku, nthawi, hotela ndi dzina la holo yake. Lembani zonse ziwiri, "Lachinayi" ndi "21 Meyi", ndipo muyang'ane pa kalendala kuti zikugwirizana. Zikasiyana, ena adzatsata dzina la tsiku, ena nambala.

Pali chizolowezi chimene ndimadana nacho kwambiri: kuika zonse pa chithunzi chokongola, imelo yeniyeniyo n'kukhala yopanda mawu. Munthu amene bando yake yatsala pang'ono satsitsa chithunzi cholemera, ndipo mapulogalamu ena a imelo saonetsa zithunzi mpaka mwiniwake atalola. Komanso nambala ya foni yolembedwa pa chithunzi simungaidine kuti muimbe. Chithunzi chikhalepo, koma zofunika zonse zilembedwe ndi mawu.

Ndondomeko ya mwambo ikhale yaifupi ndiponso yoona. Alendo afika ndi kulembetsa 9:00 m'mawa, pemphero ndi malonje 9:30, mawu a mkulu wa kampani 9:45, kuvundukula katunduyo 10:15, kulawa ndi mafunso 10:30, chakudya 12:00. Mtolankhani amafuna kudziwa nthawi yojambula, ndipo wagolosale amafuna kudziwa nthawi yobwerera ku bizinesi yake, choncho nthawi yothera isasowe. Dzina la mlendo wolemekezeka musalilembe asanavomere kubwera.

Tsopano pa yankho, pamene makalata ambiri amalephera. Kungolemba zilembo za RSVP ndi nambala ya foni sikokwanira. Hotela imalipiritsa chakudya pa munthu aliyense, ndipo imafuna chiwerengero masiku angapo mwambo usanachitike. Mukaitanitsa mbale 120 koma n'kubwera anthu 70, mbale 50 mwalipira pachabe. Mukaitanitsa 70 n'kubwera 100, pali alendo amene abwerere ndi njala. N'chifukwa chake ndime iyi iyenera kulembedwa momveka chonchi: "Chonde tiyankheni pofika Lachitatu pa 13 Meyi, kaya mubwera kaya simubwera. Yankhani imelo yomweyi kapena tumizani uthenga wa WhatsApp pa nambala ili m'munsiyi. Tiuzeni dzina la amene abwere, komanso ngati pali chakudya chimene sadya."

Onani kuti tasankha pa 13, osati pa 14 Meyi, lomwe ndi tsiku la tchuthi lokumbukira Kamuzu. Onaninso kuti tapempha ndi osabwera omwe kuti ayankhe, popeza munthu akangokhala chete simudziwa ngati wakana kapena sanaione n'komwe imeloyo. Nenani ngati kalatayo ndi ya munthu mmodzi kapena angabwere ndi mnzake. Nkhani ya thiransipoti nayo musaichitire manyazi. Mlimi wochokera ku Mchinji ayenera kudziwa asanakwere basi ngati mudzamubwezera ndalama zoyendera.

Potumiza, ma adiresi onse musawaunjike pa To kapena Cc. Mukatero mwaulula ma adiresi a anthu kwa ena osawadziwa, ndipo mmodzi akadina Reply All, yankho lake lipita kwa onse 120. Ikani pa Bcc, koma alendo akuluakulu alembereni payekhapayekha. Yambani mwadzitumizira nokha ndi kuitsekula pa foni.

Pofika pa 11 Meyi, ngati ayankha ndi ochepa kwambiri, mwina imelo yagwera mu Spam. Musadikire: imbani foni kwa amene ali chete, ndipo amene avomera muwakumbutse kutatsala tsiku limodzi.